Matsenga a m'nkhani zopeka: malire ake ndi mtengo wake

M'nkhani yopeka, matsenga ndi mphamvu iliyonse imene mlembi wapatsa mpangankhani kuti azichita zimene munthu wamba sangathe, monga kuuluka, kusanduka fisi, kuitana mvula kapena kucheza ndi akufa. Kupereka mphamvu yotere papepala n'kosavuta, chiganizo chimodzi chikwanira. Chovuta chimabwera pambuyo pake. Nkhani imayenda chifukwa munthu wina akufuna chinthu koma pali chomutchinga. Ngati munthuyo angangoloza chala, chomutchingacho n'kusungunuka, ndiye kuti nkhani yathera pa tsamba lachitatu, masamba otsalawo mlembi azingodzaza ndi zifukwa zonamizira zoti mpangankhani sanaloze chalacho msanga. Dongosolo la matsenga ndi malamulo amene mlembi amakhazikitsa pofuna kupewa zimenezi. Malamulowo amanena chimene mphamvuyo imachita, pamene imalekezera, ndi chimene mwini wake amataya akaigwiritsa ntchito.

Vutoli si la lero. M'masewero a Agiriki akale munali makina onyamulira wosewera m'mwamba, kuti aoneke ngati mulungu wotsika kudzamasula zimene anthu azimanga n'kulephera kuzimasula. M'sewero la Euripides lotchedwa Medea, limene linaonetsedwa koyamba m'chaka cha 431 Yesu asanabadwe, mayi amene wapha ana ake amathawa pa galeta louluka lochokera kwa mulungu wa dzuwa. Aristotle anadzudzula mathero amenewa, ponena kuti chimasuliro cha nkhani chiyenera kutuluka m'nkhani momwemo. Mpaka lero olemba amatcha chipulumutso chogwa kumwamba chotere ndi mawu a Chilatini akuti deus ex machina, kutanthauza mulungu wotsika pa makina. Matsenga opanda malamulo ndiwo makina amenewa m'nkhani za masiku ano, ndipo wowerenga akawaona amamva ngati wabetsa.

Munthu amene anafotokoza nkhaniyi m'njira imene olemba ambiri anaigwira ndi Brandon Sanderson wa ku America. M'chaka cha 2007 iye analemba mfundo imene imatchedwa lamulo loyamba la Sanderson. Mwachidule, mfundoyo ikuti mlembi angathetse vuto pogwiritsa ntchito matsenga molingana ndi mmene wowerenga akuwamvetsera matsengawo. Ngati wowerenga akudziwa bwino chimene mphamvu ingachite, ndiye kuti mpangankhani akapulumuka nayo wowerenga amagoma ndi nzeru zake. Ngati sakudziwa, amangoona dzanja la mlembi likulowerera.

Lamuloli silikuletsa matsenga osafotokozedwa. M'buku la J. R. R. Tolkien lotchedwa The Lord of the Rings, limene linatuluka mu 1954 ndi 1955, palibe wowerenga amene angatchule zonse zimene Gandalf amatha. Mphamvu zake n'zobisika, ndipo kubisikako n'kumene kumapangitsa dziko la m'bukulo kuoneka lalikulu ndi loopsa. Koma Tolkien sanalole kuti mphamvu zobisikazo zithetse vuto lenileni la nkhani. Mphete yoipa ija inakafika ku phiri la moto ndi miyendo ya Frodo ndi Sam, tianthu tating'ono topanda matsenga, Gandalf ali kutali. Choncho mlembi ali ndi ufulu wosankha. Matsenga osafotokozedwa ndi abwino pobweretsa mantha, chidwi ndi mavuto. Matsenga amene adzapulumutse mpangankhani pampondachimera ayenera kukhala odziwika kale.

Zinthu zitatu zosiyana

Olemba ongoyamba kumene amasakaniza zinthu zitatu zimene zimagwira ntchito mosiyana: malire, mtengo ndi chofooka. Malire ndi chimene mphamvu siingachite ngakhale mwini wake atalipira chotani. Mtengo ndi chimene amataya nthawi iliyonse akaigwiritsa ntchito. Chofooka ndi chinthu chakunja chimene mdani angabwere nacho n'kuithetsa mphamvuyo, monga mwala wobiriwira uja umene umalefula Superman. Mwa zitatuzi, chofooka ndicho chosathandiza kwenikweni, chifukwa chimangozimitsa mphamvu ngati nyali, ndipo mlembi amakakamizika kumabweretsa mwala womwewo m'mutu uliwonse mpaka wowerenga kutopa nawo. Malire ndi mtengo n'zimene zimapatsa mpangankhani chochita.

Malire amaoneka bwino mufilimu ya Aladdin ya Disney ya mu 1992, imene ana ambiri anaionera. Chiwanda cha mu nyali chimapereka zofuna zitatu zokha, ndipo chimaneneratu kuti sichingaphe munthu, sichingachititse munthu kukonda mnzake, sichingaukitse wakufa. Lamulo lachiwirilo ndilo likuyendetsa filimu yonse: Aladdin akufuna mwana wa mfumu, koma chikondi chake sangachipemphe kwa chiwanda, ndiye akupempha kuti aoneke ngati kalonga, bodza n'kuyambira pomwepo. Mathero nawonso akuchokera m'malire. Woonera wauzidwa kale kuti chiwanda, ngakhale chili ndi mphamvu zoopsa, n'chomangika ku nyali yake. Aladdin akunyengerera mdani wake Jafar kuti apemphe kusanduka chiwanda, ndipo Jafar akupezeka watsekeredwa mu nyali. Palibe mphamvu yatsopano imene yabwera. Mnyamatayo wangoganiza mofulumira ndi lamulo limene woonera ankalidziwa kale.

Sanderson yemweyo, patapita zaka zingapo, anaonjezera mfundo yachiwiri yakuti zimene matsenga sangachite n'zosangalatsa kuposa zimene angachite. Buku lake la mu 2006 lotchedwa Mistborn: The Final Empire likuonetsa zimenezi pafupi. M'bukumo anthu ena amameza tizidutswa ta zitsulo n'kumatitentha m'mimba, ndipo chitsulo chilichonse chimapereka mphamvu imodzi. Mtundu wina umapatsa munthu mphamvu yokankha zitsulo zomuzungulira, wina yozikoka. Kukankhako kumayenda molunjika kuchoka pathupi pake basi, sikukhota. Kulemera nako kumawerengedwa: akakankha ndalama yachitsulo, ndalamayo imauluka ngati chipolopolo, koma akakankha chitsulo cholemera kumuposa kapena chokhomedwa pakhoma, amene amauluka ndi iyeyo. Chifukwa cha lamulo limeneli, munthu wotere amaponya ndalama pansi n'kuikankha, ndalamayo ikatsamira nthaka iye n'kukwera m'mwamba. Adani ake, podziwa zimenezi, amabwera opanda chitsulo chilichonse pathupi, atanyamula ndodo ndi zishango zamatabwa. Zitsulo za m'mimba zikatha, mphamvu yatha. Ndewu iliyonse m'bukuli imasanduka ngati bawo: wowerenga amatha kuwerenga nawo zimene zatsala ndi kuganiza chimene iye akanachita.

Mtengo umene umapweteka

Pa zonsezi, mtengo ndi umene olemba amaulakwitsa kwambiri. Mtengo wofala ndi kutopa: wamatsenga akachita chachikulu amagwa, mphuno n'kutuluka magazi, kenako amagona usiku umodzi n'kudzuka ali gwa. Umenewu si mtengo, chifukwa palibe chimene chatayika chimene wowerenga angachiwerenge. Choipa china n'chakuti mlembi ndi amene amasankha nthawi yoti kutopako kufike. M'mutu wachisanu mpangankhani akomoka atanyamula mwala umodzi, m'mutu womaliza akugwetsa phiri chifukwa wakwiya kwambiri. Wowerenga amazindikira msanga kuti muyezo uli m'thumba mwa mlembi.

Mtengo weniweni uli ndi zizindikiro zake. Umadziwika munthu asanachite chinthucho, kotero kuti amachita akudziwa chimene akugula ndi chimene akupereka. Umakhudza chinthu chimene mpangankhani akuchifunanso m'nkhani yomweyo. Ndipo ukalipidwa sumabwezedwa mwachinyengo. Mu nkhani ya zithunzi ya ku Japan yotchedwa Fullmetal Alchemist, imene Hiromu Arakawa anayamba kutulutsa mu 2001, lamulo lake ndi lakuti chopezedwa chilichonse chilipiridwe ndi chinthu cholingana nacho. Anyamata awiri apachibale atayesa kuukitsa mayi awo, wamkulu anataya mwendo, wamng'ono thupi lonse, ndipo wamkuluyo anaperekanso mkono kuti apulumutse mzimu wa mng'ono wake. Zonsezi zachitika nkhani isanafike patali, ndiye kuyambira pamenepo wowerenga sakayikira kuti lamulolo limaluma.

Mtengo ungagwerenso anthu ena. Ursula K. Le Guin, m'buku lake la mu 1968 lotchedwa A Wizard of Earthsea, anapanga dziko limene wamatsenga amalamulira chinthu pokhapokha akadziwa dzina lake lenileni, ndipo kusintha chinthu chimodzi kumasokoneza mlingo wa zina zonse. Chakudya chopangidwa mongonyenga maso sichikhutitsa. Aphunzitsi a matsenga m'dzikolo amadziwika ndi kudziletsa, ndipo mnyamata Ged, amene anafuna kudzionetsera poitana mzimu wa wakufa, anatulutsa mthunzi umene unamusaka mpaka kumapeto kwa buku.

Kwa wowerenga wa Chichewa maganizo amenewa si achilendo. Nkhani za kukhwima zimene anthu amakamba m'midzi ndi m'maminibasi sizikhala zopanda chizimba. Wopita kwa sing'anga kukafuna chuma amabwerako ndi malamulo: asadye chakudya chakuti, asagone pa bedi, asavale chovala chatsopano, mkazi wake asaone chimene chili m'kachipinda. Nthano nazonso zili ndi munthu wopatsidwa ng'oma kapena chikho chotulutsa chakudya, n'kuuzidwa chinthu chimodzi choti asachite. Omvera onse amadziwa kuti lamulolo lidzaswedwa, ndipo amadikira tsikulo. Mlembi wa kuno ali ndi chuma chimenechi m'makutu mwake kale, chimene amasowa nthawi zambiri ndi kuchikhazika pansi n'kuchiyesa. Apa pali chenjezo limodzi. M'dziko limene anthu achialubino akhala akuphedwa chifukwa cha bodza lakuti ziwalo zawo zimalemeretsa, ndiponso nkhalamba zimagendedwa pozinamizira ufiti, mlembi amene akusankha mtengo wa matsenga ake aganize kawiri asanalembe nkhani imene bodza lotere likuoneka ngati likugwira ntchito. Mtengo wochokera mwa mwini matsenga ndi wamphamvu m'nkhani kuposa wochotsedwa pathupi pa wina.

Nangozo ndi mitambo

Njira yabwino yoonera mmene dongosolo limamangidwira ndi kutsata chitsanzo chimodzi kuyambira pachiyambi. Mlembi wina akufuna kulemba nthano yaitali ya mayi wachikulire dzina lake Nangozo, wa m'mudzi wa m'tsinde mwa phiri, amene amatha kubweretsa mvula. Vuto la nkhani ndi ng'amba ya masabata atatu mu Januwale, chimanga chitangoyamba kumasula, nthawi imene masamba akapota n'kukhala choncho masiku ambiri zokolola zimalowa pansi. Dongosolo likangokhala lakuti Nangozo akaimba mvula imagwa, nkhani palibe. Aimba, mvula igwa, anthu akolola.

Choyamba mlembi achepetse mphamvuyo kuti ikhale ntchito imodzi yodziwika. Nangozo salenga mvula. Amakoka mtambo umene ulipo kale. Chiganizo chimenechi chabala malire angapo nthawi imodzi: kumwamba kukakhala mbee alibe chochita, usiku sangakoke chifukwa ayenera kuuona mtambowo ndi maso, ndipo mtunda wake ndi umene maso ake okalamba angafike. Mlembi atha kuika muyezo woti aziugwiritsa: mtambo usapitirire mtunda umene munthu angayende kuchoka m'mawa kufika dzuwa lili paliwombo. Muyezo umenewu sufunika kutchulidwa m'makilomita m'nkhanimo, koma mlembi audziwe, ajambule kamapu kosonyeza mudzi, phiri, mtsinje ndi midzi yoyandikana nayo, kuti asadzadzitsutse m'mutu wa khumi.

Kenako mtengo. Nangozo amakoka mtambo ndi mawu ake, ndipo mtambo umodzi umamutengera mawu masiku asanu ndi awiri. Pa masiku amenewo sangalankhule, sangaimbe, choncho sangakokenso mtambo wina. Masamu ake ndi apafupi: pa ng'amba ya masiku 21 sangakoke kopitirira katatu, ndipo akataya mwayi umodzi pa kamtambo kopanda madzi ambiri, mudzi udikira sabata yathunthu. Tsopano mtambo uliwonse umene watulukira pamwamba pa phiri ndi funso. Akoke uwu, kapena adikire wamawa umene mwina sudzabwera? Anthu a m'mudzi, amene akuona chimanga chawo chikufota, sangamvetse chifukwa chimene mayiyo wangokhala pakhonde n'kumayang'ana mtambo ukudutsa.

Mtengo wachiwiri ukuchokera m'malire oyamba aja, ndipo ndi umene uli ndi nkhani yeniyeni. Mtambo wokokedwa unali ndi kumene unkapita. Kuseri kwa phiri kuli mudzi wina, ndipo kumeneko n'kumene mwana wamwamuna wa Nangozo, Chikondi, ali pa chikamwini, akulima munda wa kuchikazi ndi ana ake atatu. Mphepo ya nyengoyo imakankhira mitambo kumeneko. Mvula iliyonse imene Nangozo wagwetsa kwawo waichotsa pa munda wa adzukulu ake. Apa matsenga asiya kukhala chothetsera vuto, asanduka chosamutsira vuto kuchoka pa anthu ena kupita pa ena, ndipo wosankha ndi mayi mmodzi.

Dongosolo likafika apa liyenera kuyesedwa ngati mmene womanga nkhokwe amafufuzira mipata ya makoswe. Mlembi adziyese wowerenga wochenjera n'kufunsa mafunso achipongwe. Bwanji Nangozo osakoka mitambo ya pamwamba pa nyanja kumene kulibe minda? Yankho lili pa mapu: nyanja ili kutali kuposa mtunda wake. Nanga bwanji osapita kunyanjako n'kumaukoka mtambowo pang'onopang'ono mpaka kumudzi? Chifukwa kukoka kumodzi ndi sabata yathunthu ya chete, ndipo mtambo sudikira sabata. Bwanji osaphunzitsa atsikana khumi kuti azisinthana? Funso limeneli ndi loopsa, chifukwa likayankhidwa molakwika dongosolo lonse lagwa: anthu asanu ndi awiri osinthana angakoke tsiku lililonse, mtengo wa mawu uja n'kutha ntchito. Mlembi asankhe pano, asanalembe mutu woyamba. Mwina mphatsoyo imakhala mwa munthu mmodzi pa nthawi, ndipo wopereka amaitaya. Akasankha choncho wapezanso nkhani ina, ya amene adzailandire. Bwanji osalemba papepala zimene akufuna kunena pa masiku a chete? Ngati Nangozo sanapite kusukulu, mpatawo watsekeka wokha. Ngati amadziwa kulemba, mtengowo wapepuka, ndipo mlembi adziwe kuti waupeputsa.

Mafunso ena ndi okhudza anthu omuzungulira, ndipo awa ndi amene olemba ambiri amaiwala. Mphamvu yotere siingakhale m'mudzi zaka makumi anayi anthu osaizolowera ndi kuimangira miyambo. Anyakwawa a midzi iwiriyo ayenera kuti anakanganapo kale za mitambo, mwina pali pangano lakale lonena kuti Nangozo asamakoke mtambo umene wadutsa mtengo wa mlambe wa pamalire. Mwini esiteti ya fodya wa m'derali ayenera kuti anayesapo kumugula ndi matumba a chimanga. Abusa a mpingo ali ndi maganizo awo. Ana a m'mudzi amadziwa kuti agogo akakhala chete sabata yonse ndiye kuti mvula ya dzana inali yawo. Zinthu zoterezi ndi zimene zimachititsa wowerenga kukhulupirira, kuposa masamba atatu ofotokoza kumene mphamvuyo inachokera.

Kuonetsa malamulo ndi kuwagwiritsa ntchito

Mlembi amadziwa malamulo onse, koma wowerenga safunika kuwalandira ngati phunziro la m'kalasi. Lamulo limamveka bwino likaoneka likugwira munthu. M'mutu woyamba, m'malo moti wofotokoza nkhani anene kuti kukoka mtambo kumatenga mawu, mdzukulu wina afike kudzapempha nthano madzulo, Nangozo n'kungomusisita kumutu, mayi a mwanayo n'kunena kuti: "Asiye agogo, mpaka Lachisanu." Wowerenga waona mtengo, wamva kutalika kwake, ndipo waona chimene umalanda. Lamulo la usiku lionekere pamene mitambo yakuda yadutsa pakati pa usiku, mphezi zikung'anima kuseri kwa phiri, m'mawa anthu n'kudzuka pa fumbi lomwe lija. Chinthu chilichonse chimene chidzafunike pampondachimera chionekepo kale, makamaka pa nthawi imene chikupweteka mpangankhani. Lamulo loonekera koyamba pa tsamba limene likumupulumutsa limanunkha chinyengo.

Pampondachimera pa nkhani ya Nangozo pangamangidwe motere. Wakoka kale kawiri, mudzi wa kuseri kwa phiri wapsa mtima, ndipo mkwiyo wagwera mkamwini Chikondi, amene akumuganizira kuti amauza mayi ake za mitambo. Mlandu waikidwa mawa ku bwalo la gulupu, ndipo mboni yokhayo imene ingamuyeretse ndi Nangozo, amene mawu ake abwerera lero lomwe. Masana a tsikulo mtambo waukulu kuposa yonse watulukira pa phiri. Akaukoka, chimanga cha mudzi wake chipulumuka, koma mawa adzakhala pabwalo kukamwa kuli pululu, mwana wake akuthamangitsidwa paukwati. Akausiya, adzalankhula, koma anthu a kwawo adzakolola mapesi. Mbali zonse ziwiri zachokera m'malamulo amene wowerenga akuwadziwa kuyambira m'mutu woyamba, ndipo palibe njira yopezera zonse.

Pamalo ngati amenewa mpamene mlembi amayesedwa, chifukwa amakhala atamukonda mpangankhani wake. Mayesero ake ndi odziwika. Mawu abwerere patatha tsiku limodzi chifukwa cha chikondi cha mayi. Mizimu ya makolo itumize mtambo wachiwiri. Mdzukulu apezeke mwadzidzidzi kuti nayenso amatha. Zonsezi ndi makina a Agiriki aja. Njira yololedwa ndi kugwiritsa ntchito lamulo lakale mwatsopano. Mwachitsanzo, ngati wowerenga anaona kale kuti mtambo umagwa pamene pali woukoka, Nangozo atha kukwera ndi ndodo yake mpaka pampata wa phiri, pamene madzi amagawikana kutsikira mbali zonse ziwiri, n'kuukokera pamenepo. Midzi yonse ilandira theka, losakwanira aliyense koma lochepetsa njala, ndipo anthu a kuseri aona ndi maso awo chimene wachita. Mawu atayika ndithu, pabwalo adzakhala chete, ndipo mlandu wa Chikondi udzagamulidwa ndi zimene anthu anaona. Mtengo walipidwa wonse. Chimene chasintha zinthu ndi nzeru ndi miyendo ya nkhalamba.

Zizindikiro za dongosolo lodwala

Pali njira zodziwira kuti dongosolo latayirira. Yoyamba ndi kuwerenga zolembazo n'kuchonga paliponse pamene matsenga agwiritsidwa ntchito, pambali pake n'kulemba chimene chalipidwa. Pakapezeka malo atatu otsatizana opanda cholemba, mtengo uja unangotchulidwa koma sukugwira ntchito. Yachiwiri ndi kuyang'ana vuto lililonse la m'nkhani n'kufunsa ngati mphamvu imene inaoneka kale ikanalithetsa. Izi zimavuta kwambiri m'nkhani za mabuku angapo. M'buku lachitatu la Harry Potter, la mu 1999, J. K. Rowling anabweretsa kachipangizo kobweza nthawi m'mbuyo, ndipo owerenga anayamba kufunsa chifukwa chimene sikakugwiritsidwa ntchito pa mavuto ena onse. M'buku lachisanu, la mu 2003, tizipangizo totere timene tinasungidwa ku likulu la amatsenga tinaphwanyika pa ndewu. Mphamvu yobweza nthawi, youkitsa akufa ndi yowerenga maganizo a anthu ndi zimene zimameza nkhani msanga, ndipo zimafuna malire okhwima kuposa zina zonse.

Chizindikiro china ndi kuchuluka kwa mphamvu. Mlembi akathedwa nzeru amaonjezera ina: Nangozo ayambenso kuchiritsa, kenako kulosera. Mfundo yachitatu ya Sanderson ikulangiza kukuza zimene zilipo kale asanabwere ndi zatsopano, ndipo chitsanzo cha mitambo chikuonetsa chifukwa chake. Wokoka mtambo angathenso kuuchotsa pamwamba pa mudzi pamene mtsinje wasefukira, kapena pa tsiku la maliro, kapena pamene fodya ali pa chigafa chodontha, ndipo angathe kuugwetsera pa mdani. Mphamvu imodzi yomweyo, ndi mtengo womwewo, ili ndi nkhani zokwana mabuku awiri.

Palinso kudwala kwa mbali inayo. Mlembi wina amakondwa ndi malamulo ake mpaka nkhani imasanduka buku la malangizo, anthu akuima pakati pa ngozi kuti afotokozerane zimene onse akuzidziwa kale. Malamulo amene mlembi wasunga m'kope lake angakhale makumi awiri, koma amene wowerenga ayenera kunyamula m'mutu asapitirire atatu kapena anayi. Kwa Nangozo ndi awa: mtambo auone, mawu apite sabata imodzi, mvula ichoke kwa wina, ndipo igwe pamene iye waima. Otsalawo amagwira ntchito mobisika, kuteteza mlembi kuti asadzitsutse. Muyezo wosavuta ndi kupatsa munthu wina mitu itatu yoyambirira, kenako n'kumufunsa chimene Nangozo sangachite. Akayankha molondola popanda kubwerera m'masamba, malamulo afika. Akayankha kuti mayiyo angachite chilichonse, mitu itatuyo ilembedwenso nkhani isanapitirire.